Momwe mungayezere mtunda wa sitopu losi pogwiritsa ntchito ATR

Achinyamata angapo a kuno ku Ntcheu amene amachita malonda a ndalama zakunja pa foni akhala akundidandaulira zofanana, kuti mtengo umatsika kudzagunda sitopu losi yawo, malire amene amaika kuti malonda atsekeke okha asanaluze zambiri, malonda n'kutsekeka ndi kuluza, kenaka mtengo womwewo n'kukwera kulowera komwe iwo ankayembekezera. Ndikawafunsa kuti malirewo anawaika bwanji, ambiri amati amaika theka la peresenti kapena peresenti imodzi pansi pa mtengo wogulira, tsiku lililonse, posayang'ana momwe msika ukugwedezekera. Vuto lagona pamenepo. Aliyense amene anagulako tomato pa Lizulu amadziwa kuti mtengo wake umatha kusintha pakati pa m'mawa ndi madzulo, pamene wa mchere m'golosale umakhala masabata osasuntha, ndipo palibe wanzeru amene angayeze zinthu ziwirizi ndi muyeso umodzi.

ATR, chidule cha Average True Range, ndi muyeso wa kutalika kwa mtunda umene mtengo umayenda mu kandulo imodzi ya pa tchati, chizindikiro chosonyeza momwe mtengo wayendera pa nthawi yoikika. Anauyambitsa ndi J. Welles Wilder m'chaka cha 1978, ndipo suuza munthu ngati mtengo ukwera kapena utsika, umangonena kukula kwa kugwedezekako. Pa kandulo iliyonse timatenga chachikulu mwa zinthu zitatu izi, pomwe High ndi pamwamba pa kandulo, Low ndi pansi pake, ndipo PrevClose ndi pomwe kandulo yapitayo inatsekera:

```
TR = max(High - Low, |High - PrevClose|, |Low - PrevClose|)
```

Tiyerekeze kuti pa EURUSD, mtengo wa yuro mu madola a ku Amereka, kandulo yapitayo inatsekera pa 1.0840, ndipo yotsatira yafika 1.0875 pamwamba ndi 1.0855 pansi. Kutalika kwa kanduloyo payokha ndi mapipi 20, popeza pipi imodzi ndi 0.0001, koma kuchokera pomwe inzake inatsekera kufika pamwamba ndi mapipi 35, choncho timatenga 35. Chifukwa chake n'chakuti mtengo ukalumpha pakati pa makandulo awiri, kulumphako ndi mtunda weniweni umene ndalama zanu zayenda ngakhale kandulo siikuonetsa. ATR ndi avereji ya manambala amenewa, kawirikawiri pa makandulo 14.

Choyamba, sankhani tchati imene mumapangirapo chiganizo cholowa mu malonda, ndipo ATR muitenge pa tchati yomweyo. Munthu amene amalowa poyang'ana tchati ya H4, ya makandulo a maola anayi, koma n'kuwerenga ATR ya M15, ya makandulo a mphindi 15, amapeza nambala yaing'ono kwambiri, ndipo sitopu yake imagundidwa msanga. Pa pulogalamu ya MetaTrader ya pa kompyuta mupite pa Insert, Indicators, Oscillators, kenaka Average True Range, ndipo Period muisiye pa 14. Ndimalangiza kuwerenga nambala ya kandulo imene yatseka kale, popeza ya kandulo imene ikadayenda imasinthasintha. Musadabwe mukaona kuti pulogalamu ya TradingView ikupereka nambala yosiyana pang'ono, chifukwa iyo imatsata kawerengedwe ka Wilder pamene MetaTrader imatenga avereji wamba.

Chachiwiri, chulukitsani ATR ndi nambala imene mwasankhiratu. Ambiri amagwiritsa ntchito pakati pa 1.5 ndi 3, ndipo kwa woyamba kumene ine ndimakonda 2. M'munsimu SL ndi sitopu, ndipo Entry ndi mtengo wolowera.

```
Buy:  SL = Entry - (2 x ATR)
Sell: SL = Entry + (2 x ATR)
```

Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Muli ndi madola 1,000 mu akaunti, mukufuna kugula EURUSD pa 1.0850, ndipo ATR ya pa H4 ikuonetsa 0.0025, kutanthauza mapipi 25. Kuwirikiza kawiri ndi mapipi 50, choncho sitopu ikhala pa 1.0800. Munthu wa theka la peresenti akanaika mapipi 54, ndipo pa tsiku labata ngati limeneli kusiyana kwake n'kochepa. Koma patapita masabata awiri msika wavuta, ATR yafika mapipi 60. Mapipi 54 aja tsopano sakufika ngakhale pa mtunda umene kandulo imodzi wamba ikuyenda, choncho akhoza kugundidwa popanda chilichonse chimene chasintha pa njira ya mtengo. Wotsata ATR aika mapipi 120. Zili ngati chingwe cha mbuzi: chikafupika kwambiri mbuzi imachikoka nthawi zonse ngakhale isakufuna kuthawa.

Gawo lachitatu ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo akalidumpha njira yonseyi imawapweteka kuposa yakale ija. Sitopu ikatalika, kukula kwa malonda kuyenera kuchepa, kuti ndalama zimene mungataye zikhale zomwezo. Tinene kuti mwatsimikiza kusataya zoposa peresenti imodzi ya akaunti pa malonda amodzi, amene ndi madola 10. Kukula kwa malonda kumayezedwa mu maloti, ndipo pa EURUSD loti ya 0.01 imapindula kapena kutaya masenti 10 pa pipi iliyonse. Pa sitopu ya mapipi 50, loti imeneyi ingataye madola 5, choncho mukhoza kulowa ndi 0.02. Pa sitopu ya mapipi 120, loti ya 0.01 yokhayo ingataye madola 12, zimene zapyola malire anu, ndipo kwa mabuloka ambiri, makampani amene timadzeramo pochita malondawa, 0.01 ndiyo yochepetsetsa. Pamenepa yankho loona ndi kusalowa konse. Ndaona anthu akufupikitsa sitopu kuti ikwanirane ndi loti imene mtima wawo ukufuna, koma kutero ndi kubwerera ku vuto lomwe tinayamba nalo.

Musanatsimikize, yang'ananinso tchati. Ngati mtengo unatsikapo posachedwa kufika 1.0798 n'kubwerera, sitopu ya 1.0800 ili pamwamba pang'ono pa malo amene mtengo ungadzafikenso, choncho ndi bwino kuitsitsa kufika cha pa 1.0790 ndi kuwerengeranso loti, imene pa mapipi 60 ikhala 0.01. Pogulitsa, onjezerani pa mtundawo sipuredi ya buloka, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, chifukwa tchati imaonetsa mtengo wogulitsira wa Bid pamene sitopu ya wogulitsa imagundidwa ndi wogulira wa Ask, umene umakhala pamwamba.

Mtengo ukayenda mokomera inu, sitopu ikhoza kuutsata. Ngati wafika 1.0940 ndipo ATR ili pa 0.0028, chotsani mapipi 56 pa msongapo, sitopu ibwere pa 1.0884. Lamulo ndi limodzi: kwa wogula sitopu imakwera basi, siibwerera pansi, ngakhale ATR itakula.

ATR imayang'ana m'mbuyo, ndipo siidziwa zimene zikubwera. Lipoti la za ntchito la ku Amereka, limene kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, pa 2:30 kapena 3:30 masana nthawi ya kuno malinga ndi nyengo, likhoza kusuntha mtengo mtunda wa ma ATR angapo m'mphindi zochepa. Mtengo ukalumpha sitopu, monga zimachitikira msika ukamatsegulidwa pambuyo pa mapeto a sabata, buloka amatseka pa mtengo umene wapezeka, ndipo mumataya zoposa zimene munawerengera. Pa masheya amene amatha masiku osagulidwa, ngati ena a pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ATR imatsika kwambiri chifukwa chosowa ogula ndi ogulitsa, ndipo nambala yotero siyenera kudaliridwa.

Kuti mudziwe ngati nambala 2 ikukuyenerani, lembani m'kope malonda osachepera 30 a pa akaunti yoyeserera. Pa alionse lembani ATR ya polowera ndi mtunda umene mtengo unabwerera m'mbuyo musanatuluke. Ngati ambiri mwa malonda amene anagunda sitopu anapitirira pang'ono chabe n'kutembenukira komwe munkafuna, kwezani nambalayo kufika 2.5 ndipo loti ichepe. Ngati malonda opindula pafupifupi onse sanabwerere m'mbuyo kuposa ATR imodzi, mukhoza kuyesa 1.5, koma musinthe pambuyo pa malonda 30 amenewo, osati pakati pa malonda amene akadali otsegula.