Chipu yanga ya ATmega328P inali kuyenda pa liwiro la 1 MHz m'malo mwa 16 MHz

Nyali imene ndinati iziphethira sekondi iliyonse inkaphethira pakatha masekondi 16. Ndinasintha kristalo ndi makapasita ake awiri, koma sizinaphule kanthu.

Vuto linali pa mafyuzi, mabiti a mkati mwa chipu amene amasankha gwero la wotchi. ATmega328P yatsopano sigwiritsa ntchito kristalo yakunja. Imayendera osileta yamkati ya 8 MHz, ndipo fyuzi ya CKDIV8 imagawa liwirolo ndi 8, n'kutsala 1 MHz. Pulogalamu yanga inkawerenga nthawi poganiza kuti pali 16 MHz. Chipu iyi ilibe PLL yochulukitsira wotchi, choncho malangizo sangathamange kuposa liwiro la gwero lomwe mwasankha.

Kuti chipu iyendere kristalo yakunja ndipo CKDIV8 isagawenso liwiro, ndinalemba izi:

```
avrdude -c usbasp -p m328p -B 32 -U lfuse:w:0xFF:m
```

Yambani mwalumikiza kristalo. Mukalemba fyuziyi kristalo palibe, chipu imangoti zii, osayankhanso chipangizo cholembera pulogalamu.