Rileyi ikungogogoda pa 2.5V

"Sensa ya thanki kuno ku Nchalo ikafika 2.5V, rileyi ya pampu ikungoti kha-kha-kha. Nditani pa LM393 yanga?"

Achimwene, yezani kaye phokoso la pa volteji ya sensayo, tinene mwapeza 50mV, ndiye mpata wa pakati pa volteji yoyatsira ndi yozimitsira rileyi ukhale kawiri, cha m'ma 100mV. Sensa ipite ku mwendo wa (−). Ku (+) ikani maresisita awiri a 20k, ina ku 5V ina ku GND, awiriwa amawerengedwa ngati R1 ya 10k. Kenako R2 ya 470k ichoke ku OUT kubwerera ku (+). OUT izisintha pa volteji yam'munsi VL ndi yam'mwamba VH:

```
VL = 2.5×470/480 = 2.448V
VH = VL + 5×10/480 = 2.552V
```

Musaiwale 4.7k kuchoka ku OUT kupita ku 5V, LM393 payokha siikweza volteji. Ikapitirizabe kugogoda chepetsani R2, 220k ikupatsani mpata wa 217mV.