Nkhuku, akalulu kapena njuchi: werengani kaye masiku odikira musanagule chiweto

Mlimi akabwera kwa ine ndi kampamba m'thumba, funso lake limakhala limodzi: kodi chotsika mtengo poyamba ndi chiti? Ine ndimamufunsa lina: mukagula, mudzakhala mukutulutsa ndalama kwa masiku angati chiwetocho chisanabweze kanthu, ndipo zikavuta mudzatsala ndi chiyani m'manja? Mtengo wa anapiye, wa kalulu kapena wa mng'oma ndi gawo laling'ono chabe la mpamba. Gawo lalikulu limabisala m'masabata otsatira, ndipo ndi mmenemo anthu ambiri amagwera.

Tiyambe ndi nkhuku zanyama, poti ndi zimene zimakopa ambiri chifukwa zimakula m'masabata 6. Mitengo imasinthasintha, choncho tiwerengere m'matumba a chakudya cha nkhuku olemera makilogalamu 50, inu mudzaikepo nokha mtengo wa tsiku limenelo.

Mwagula anapiye 100. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kuti ifike pogulitsidwa ikulemera makilogalamu 2 kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye kuti mukufunika makilogalamu 400, omwe ndi matumba 8. Chakudya chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zonse zoweta nkhukuzi, kotero anapiyewo, katemera, utuchi woyala pansi ndi moto wowotha zikutengerani ndalama yofanana ndi matumba ena 4. Zonse pamodzi ndi matumba 12, khola ndi ziwiya zodyera sitinaziwerengere. Pakafa 5 n'kutsala 95, zomwe zimachitika ngakhale kwa mlimi wosamala, nkhuku iliyonse iyenera kugulitsidwa pa mtengo woposa wa makilogalamu 6 a chakudya kuti mungobweza zimene munalowetsa. Phindu limayambira pamwamba pa apo.

Chimene chimapweteka ndi kadyedwe kake. Sabata yoyamba anapiye amangojompha pang'ono, thumba likuoneka ngati silitha, mlimi n'kuyesa kuti zinthu n'zapafupi. Chakudya choposa theka chimadyedwa m'masabata awiri omaliza. Ndinafikapo pakhola la mayi wina m'sabata yachisanu: ziwiya zodyera zili mbee, nkhuku zikuthamangira mapazi a aliyense wolowa, zina zikujompha utuchi. Ndalama inali itathera pa thumba lachisanu. Anayamba kuzipatsa chilichonse chimene chapezeka, zinasiya kunenepa, ndipo anazigulitsa zopepuka pa mtengo umene wogula anatchula yekha. Matenda sanalowe m'kholamo n'komwe. Ndi chifukwa chake ndimati ngati ndalama ya matumba onse 8 mulibe pa tsiku logula anapiye, gulani anapiye 50 kapena 30.

Msika nawo sudikira. Zikapitirira masabata 6, nkhuku imodzi imadya magalamu pafupifupi 180 pa tsiku, ndiye 95 zija zimamaliza thumba m'masiku atatu. Mukachedwa kugulitsa ndi masiku 9, matumba atatu apita, ndipo phindu lapita nawo. Pezani ogula anapiye asanafike.

Pa matenda, mdani wamkulu ndi chitopa. Chikalowa m'khola losalandira katemera chikhoza kupululutsa pafupifupi zonse m'masiku ochepa. Mudzachidziwa poona nkhuku zikuwodzera, mapiko ali lende, zikupuma mobanika, chitosi chili chobiriwira, zina khosi litapindika. Mankhwala ochiza palibe, chitetezo ndi katemera basi. Palinso gumboro, yemwe amakonda kugwira anapiye a masabata 3 mpaka 6. Katemera wambiri amafa akakhala pofunda, choncho funsani mmene wasungidwira musanagule. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35. Simufunika chopimira kuti mudziwe: akaunjikana pamodzi pafupi ndi moto akulira, akumva kuzizira ndipo apondana, akathawira m'mbali milomo ili yasa, kwatentha, akamwazikana bwinobwino akudya, zili bwino. Pa chitsanzo chathu chija, zikafa 30 m'sabata yachinayi mumangopulumutsa thumba limodzi kapena awiri, pomwe 70 zotsalazo zikusenza ngongole ya zonse.

Nkhuku zamazira sindizilangiza kwa woyamba kumene. Zimayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20, iliyonse itadya kale makilogalamu 7 kapena 8, inu musanatoleko dzira. Nkhuku zachikuda zoyenda zokha ndi nkhani ina: misoti 5 ndi tambala mmodzi zikukwanirani, zimadzifunira chakudya chambiri, ndipo thadzi limafungatira mazira masiku 21. Kutaya kwake kuli pa anapiye, amene amatha ndi akabawi, kuzizira ndi njala. Atsekereni ndi make masabata 4 mpaka 6 oyamba mukuwapatsa chakudya ndi madzi, ndipo gulu lonse lilandire katemera wa chitopa wodonthezera m'diso, wotchedwa I-2, miyezi 4 iliyonse. Ndalama yake imabwera mochedwa, pakatha miyezi 5 kapena 6, koma simugona ndi nkhawa ya thumba la mawa.

Akalulu amalowa ndi mpamba wochepa, ndipo ine ndimawakonda kwa munthu amene ali ndi manja ogwira ntchito koma ndalama zili zochepa. Aakazi atatu ndi wamphongo mmodzi ndi poyambira pabwino. Amayamba kukweredwa pa miyezi 5 kapena 6, bere limatenga masiku pafupifupi 31, ndipo amaswa ana 6 mpaka 8. Wamkazi ndiye mumamutengera kukhola la wamphongo, chifukwa mukachita mosemphanitsa amamenya mlendoyo poteteza malo ake. Pa tsiku la 28 ikani kabokosi kokhala ndi udzu wouma. Mukaona akuzula ubweya wa pamimba n'kumayala m'kabokosimo, dziwani kuti watsala pang'ono. Ana amabadwa opanda ubweya, maso ali otseka, ndipo wobadwira kunja kwa kabokosi amafa ndi kuzizira usiku womwewo.

Tiwerengere modzichepetsa: aliyense aswe kanayi pa chaka, ana 5 apulumuke pa ulendo uliwonse. Aakazi atatu akupatsani akalulu 60 pa chaka. Odya masamba okhaokha ndi chakudya chowonjezera pang'ono amafika makilogalamu 2 pa miyezi 4 kapena 5, kotero ndalama yoyamba muiyembekezere pakatha theka la chaka.

Mpamba wobisika wa akalulu ndi makola. Munamanga zipinda zinayi, koma pakangotha miyezi iwiri muli ndi ana 15 ofuna pokhala, ndipo akamafika miyezi itatu aamuna ndi aakazi ayenera kulekanitsidwa asanayambe kukwerana pachibale ndi kulumana. Mukawapanikiza pamodzi pansi ponyowa, matenda a kokisidiyosisi amayamba: ana ongosiya kuyamwa amatsegula m'mimba, mimba kutupa, ubweya kunyankhalala, n'kumafa mmodzimmodzi. Khola likhale lokwera, pansi pake pakhale mipata yoti ndowe zizigwa, likhale pamthunzi chifukwa kalulu amavutika kutentha kukapitirira madigiri 30. Masamba ofwetsedwa pang'ono ndi abwino kuposa a mame kapena amene aunjikidwa mpaka kutentha. Makoswe ndi linthumbu zimadya ana m'kabokosi momwemo, agalu amang'amba waya wofooka. Ndipo musaiwale kuti udzu umenewu mudzaumweta tsiku ndi tsiku, chilimwe chomwe. Fufuzani kumene mudzaupeza kukauma, kapena umitsani wina nthawi ya mvula.

Komabe chiopsezo chachikulu pa akalulu ndi ogula. Nkhuku aliyense amaidziwa mtengo, pomwe nyama ya kalulu si paliponse pamene ili ndi msika wokhazikika. Ambiri amapeza ndalama poyamba pogulitsa mbewu kwa anzawo ofuna kuweta, koma anzawowo akaswetsa msika umenewo umatha. Ubwino wake ngwakuti kalulu wosagulidwa lero sakudyerani thumba monga nkhuku yanyama. Amadikira ndi masamba.

Njuchi zimatembenuza zonsezi. Ndalama yonse imatuluka pa chiyambi: ming'oma, chovala chodzitetezera chokhala ndi chophimba kumaso, magolovesi, chofukizira utsi ndi ndowa zotsekeka bwino. Mukatero palibe chakudya chogula tsiku ndi tsiku. Zovala ndi chofukizira mukhoza kugula pagulu n'kumabwerekana, poti sizigwira ntchito tsiku lililonse. Mng'oma wa timatabwa ta pamwamba, tomwe njuchi zimamangapo zisa, mmisiri aliyense akhoza kukhoma, bola asaphonye muyeso umodzi: kathabwa kalikonse kakhale mamilimita 32 m'lifupi mwake pa njuchi za mu Africa. Akakulitsa kapena kuchepetsa, njuchi zimamanga zisa mopingasa n'kumata timatabwa pamodzi, ndipo pokolola mumaphwanya ndi ana omwe.

Vuto la njuchi ndi lakuti simuzilamula. Mukhoza kupachika ming'oma 5, mwapaka phula pa timatabwa kuti muzikope, n'kulowa itatu yokha chaka choyamba. Zolowazo zikhozanso kusamuka zikasowa maluwa kapena madzi, zikavutitsidwa ndi nyerere, kapena mukakolola uchi wonse osazisiyira. Ndiye pachikani ming'oma ndi waya wopaka girisi kuti nyerere zisakwere ndiponso chiuli chisaigwetse, lambulani udzu pansi pake poopa moto, ikani madzi pafupi, ndipo italikirane ndi nyumba, njira ndi makola, chifukwa njuchi zikalusa zimapha ziweto ngakhale anthu. Munthu amene amatupa thupi lonse kapena kubanika akalumidwa asayese n'komwe ulimi umenewu. Mankhwala opopera mbewu zikamachita maluwa amaphanso njuchi zambiri. Chizindikiro chake ndi mulu wa njuchi zakufa pakhomo pa mng'oma.

Mng'oma wosamalidwa bwino pamalo a maluwa ambiri umapereka makilogalamu 10 mpaka 20 a uchi pa chaka, koma kukolola koyamba kumatha kudikira chaka chathunthu. Dulani zisa zokhazo zimene njuchi zamata ndi phula. Uchi wosamatidwa uli ndi madzi ambiri, umachita thovu n'kusasa m'botolo. Wokhwima umasungika nthawi yaitali, kotero wogula sangakukakamizeni mtengo, ndipo phula nalo limagulitsidwa. Njuchi zikathawa, mng'oma umatsala uli wanu. Mumauyeretsa, kupakanso phula, n'kudikira zina. Nkhuku zanyama zikafa m'sabata yachisanu mumatsala ndi matumba opanda kanthu.

Amene ali ndi ndalama ya chakudya chonse, katemera wodalirika ndi ogula odziwika, ayambe ndi nkhuku zanyama 50, alembe m'kope thumba lililonse ndi nkhuku iliyonse yakufa, ndipo awonjezere pa ulendo wachitatu. Amene ndalama ndi yochepa koma ali pakhomo tsiku lonse, atenge misoti 5 yachikuda kapena akalulu anayi aja, atafunsa kaye anthu osachepera 10 ngati angagule. Njuchi zimamuyenera amene ali ndi mitengo ndi madzi pafupi, komanso njira ina yopezera ndalama chaka choyambacho. Iyeyo akhome ming'oma isanafike nyengo imene njuchi zimagawikana n'kumauluka m'magulu, ndipo aziiyendera sabata iliyonse, chifukwa mng'oma wopanda njuchi sachedwa kulowamo makoswe, mavu ndi abuluzi.