Momwe mungatetezere malangizo anu modelo ya kompyuta ikasinthidwa

Tiyerekeze kuti mlembi wa gulu la alimi ku Ulongwe, m'boma la Angoniya ku Mozambique, amagwiritsa ntchito pulogalamu ya luntha lochita kupanga polemba mauthenga a pafoni olengeza mtengo wa kachewere. Malangizo ake ndi akuti: "Lembani uthenga wachidule wa mtengo wa lero m'Chichewa." Kwa miyezi ingapo zonse zikuyenda bwino, koma tsiku lina uthengawo ukutuluka wautali ndipo mtengo walembedwa m'makwacha m'malo mwa mametikali.

Chimene chasintha ndi modelo, yomwe ili ngati ubongo wa pulogalamuyo umene umalemba mayankho, osati malangizo. Kampani ikaphunzitsanso modelo, zizolowezi zake zimasintha, ndipo chilichonse chimene simunachitchule imachisankha yokha. Modelo yakale inkangolemba mametikali mwamwayi, pomwe yatsopano ikhoza kutsamira ku Malawi, chifukwa zolembedwa zambiri za Chichewa za pa intaneti zimachokera kumeneko.

Choyamba, ngati mumalumikiza pulogalamu yanu ndi modelo kudzera pa API, njira imene mapulogalamu a kompyuta amalumikizirana okhaokha, sankhani dzina la modelo lokhala ndi tsiku. Mwachitsanzo, ku kampani ya OpenAI dzina lakuti `gpt-4o` limatha kusamutsidwa kuti liloze ku mtundu watsopano, pomwe `gpt-4o-2024-08-06` limaloza ku mtundu umodzi wokha. Dziwani kuti mitundu yakale imadzatsekedwa, choncho njirayi imangokupatsani nthawi yokonzekera. Amene amalemba pa pulogalamu wamba ya pafoni nthawi zambiri alibe mwayi umenewu, ndipo kwa iwo masitepe otsatirawa ndiwo ofunika kwambiri.

Chachiwiri, lembani poyera zonse zimene modelo inkachita kuganizira. Mlembi uja alembe kuti: "Uthenga ukhale m'Chichewa chokha, usapitirire zilembo 160, mtengo ukhale wa thumba limodzi m'mametikali, ndipo musawonjezere moni kapena uphungu." Pansi pake aikepo uthenga umodzi wolembedwa bwino monga chitsanzo, pakuti modelo imatsatira chitsanzo mokhulupirika kuposa kufotokoza kwa mawu.

Chachitatu, ikani `temperature`, nambala yolamulira kusinthasintha kwa mayankho, pa 0 ngati pulogalamuyo ikulola. Izi zimachepetsa kusiyana kwa mayankho a modelo imodzimodziyo, koma sizikuthetsa kwathunthu, ndipo siziletsa kusintha kobwera ndi modelo yatsopano.

Chachinayi, chimene ine ndimachiona kukhala chofunika koposa, sungani mayeso. Sonkhanitsani nkhani khumi kapena makumi awiri zenizeni, kuphatikizapo zovuta monga tsiku limene mtengo sunadziwike, pamodzi ndi mayankho amene munawavomereza. Modelo yatsopano ikatuluka, idutsitseni m'mayeso onsewo katatu musanatumize uthenga kwa mlimi aliyense, ndipo muwerenge zilembo, muone ndalama ndi chilankhulo. Cholakwika chooneka kamodzi chingakhale changozi, koma chobwerezeka katatu chikusonyeza kuti malangizo akufunika kukonzedwa. Mukamakonza, sinthani chiganizo chimodzi pa nthawi imodzi, kenako lembani tsiku ndi dzina la modelo pambali pa malangizo atsopanowo, osafufuta akale.