Kusankha sopo ndi mafuta odzola opanda zonunkhiritsa

Sopo amapangidwa pophatikiza soda wamphamvu wotchedwa caustic soda ndi mafuta a ng'ombe kapena a kanjedza, ndipo akangotuluka m'chikombole amakhala ndi kafungo ka mafutawo kamene ogula ambiri sakakonda. Mankhwala ena opotera kapena kuwongolera tsitsi amanunkha moboola mphuno ngati dzira lovunda. Choncho opanga amathiramo zonunkhiritsa pofuna kubisa fungo limeneli, komanso chifukwa amadziwa kuti wogula akatsegula botolo m'sitolo amayamba walifikitsa kumphuno asanafunse mtengo. Zonunkhiritsazo sizichotsa litsiro ndipo sizifewetsa khungu, koma kwa anthu ena zimayambitsa kuyabwa ndi zidzolo, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mbali mwa tsitsi. Chosokoneza n'chakuti zidzolozo zimatuluka patapita tsiku limodzi mpaka 3, munthu ataiwala kale chimene anadzola.

Musadalire mphuno posankha. Tembenuzani botolo ndi kuwerenga timalemba ting'onoting'ono ta pansi pa mawu akuti Ingredients. Mukaona Parfum kapena Fragrance, dziwani kuti liwu limodzilo likhoza kuimira mankhwala ambirimbiri osakanizidwa. Maina monga Linalool, Limonene ndi Geraniol ndi zonunkhiritsanso, ngakhale zitachokera ku zomera, ndipo zimayabwitsa chimodzimodzi.

Pali mawu awiri amene amapusitsa ogula. Botolo lolembedwa kuti Unscented likhoza kukhala ndi zonunkhiritsa pang'ono zongophimbira fungo la mafuta, pomwe Fragrance-free amatanthauza kuti sanathiremo n'komwe. Ine ndimalangiza lachiwirili, ngakhale kuti mndandanda wa kumbuyo ndiwo ndimaukhulupirira kuposa zolembedwa kutsogolo.

Tiyerekeze mayi amene mwana wake akudzikanda usiku wonse, ndipo m'golosale wapeza timabotolo tiwiri ta vaselini. Kabotolo kokhala ndi chithunzi cha khanda kakhoza kukhala kolembedwa Petrolatum ndi Parfum, pomwe kawamba kali ndi Petrolatum yekha. Mayiyo atenge kawambako, chifukwa chithunzi cha khanda si umboni wakuti mulibe zonunkhiritsa. Asanamudzoze thupi lonse, apake pang'ono m'kati mwa mkono, pamene chigongono chimapindikira, m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Pakafiira, pakatupa kapena kutuluka timatuza, asiye pomwepo. Asinthe chinthu chimodzi pa nthawi, pakuti akasintha sopo, mafuta ndi shampu tsiku limodzi sadzadziwa chimene chinkamuvuta mwanayo.

Zopanda zonunkhiritsa zimapezeka kwambiri ku famase kusiyana ndi m'magolosale, ndipo kumeneko mungafunse Emulsifying Ointment, amene amagwira ntchito ya mafuta odzola komanso ya sopo wosambira. Mafuta oyezedwa pamsika m'timabotolo topanda chizindikiro apeweni, chifukwa palibe powerengera zimene zili m'katimo. Sopo wochapira zovala musamusandutse wosambira poona kuti sanunkhira kwambiri, pakuti amaumitsa khungu. Zidzolo zikapitirira milungu iwiri mutasintha, kapena zikayamba kuchucha madzi, pitani kuchipatala mutanyamula mabotolo onse amene mumadzola.