Mmene mungalembere kalata yokana tchuthi cha mnzanu wa kuntchito

Mwezi wa Disembala ukamayandikira, masitolo ogulitsa mbewu ndi feteleza muno mu Mzuzu amakhala piringupiringu, ndipo ndi nthawi yomweyo imene antchito ambiri amafuna kupita kumudzi, ena kukadzala, ena kuukwati. Ngati ndinu woyang'anira, tsiku lina fomu ya tchuthi idzafika patebulo panu pa nthawi yoti simungathe kuvomera. Ambiri amangoyankha pakamwa kuti "panopa sizitheka" n'kupitiriza ntchito. Yankho lotere limamusiya munthu m'malere, chifukwa sakudziwa chimene mwamukanira, tsiku loti adzapite, kapena koti akadandaule.

Choyamba, onani kaye ngati tchuthicho n'chokanika. Lamulo la Zantchito la chaka cha 2000 limapatsa wantchito masiku osachepera 18 a tchuthi cha pachaka ngati amagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena masiku 15 ngati amagwira masiku asanu, ndipo malipiro sadulidwa. Masiku amenewa ndi ake, simungamulande. Mphamvu imene muli nayo ndi ya pa nthawi yokha, kuti apite liti, ndiponso mutakambirana naye. Choncho kalata yanu kwenikweni ndi yosuntha tchuthi. Tchuthi cha uchembere, chomwe ndi masabata osachepera 8 pa malipiro athunthu kamodzi m'zaka zitatu, sichisunthidwa chifukwa choti ntchito yachuluka. Chimodzimodzinso wodwala amene wabweretsa chikalata cha dokotala. Ngati fomu ili patebuloyo ndi ya zimenezi, musalembe n'komwe kalata yokana.

Tiyeni titenge chitsanzo. Sitolo ina ya zaulimi m'tauni muno ili ndi makashiya awiri ndipo imatsegula Lolemba mpaka Loweruka. Kashiya mmodzi wapempha masiku 12, kuyambira pa 1 mpaka pa 13 Disembala, chifukwa mng'ono wake akukwatiwa ku Karonga pa 13. Mnzake anavomerezedwa kale tchuthi ndipo adzabwera pa 10 Disembala. Mukavomera zonse, pa kauntala padzakhala popanda munthu kwa sabata yoposa imodzi, alimi ali pamzere.

Musanagwire cholembera, tsegulani kaundula wa tchuthi muone masiku amene watsala nawo, amene anavomerezedwa kale, komanso zimene kontirakiti kapena malamulo a pakampani panu amanena. Kenako muitaneni mulankhule naye panokha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa fomu imangonena masiku, sinena kuti tsiku lofunika kwambiri ndi liti. Mukafunsa kuti, "Achemwali, pa masiku onsewa, amene simungachitire mwina ndi ati?" mwina adzakuuzani kuti ndi masiku anayi omaliza, a ulendo, zokonzekera ndi ukwati weniweniwo. Kalata ibwere pambuyo pa kukambiranako, ndipo isachedwe. Munthu amene wayankhidwa kutatsala masiku awiri amakhala atalipira kale thiransipoti, atalonjeza kale abale, ndipo mkwiyo wake umakhala womveka.

Tsopano chifukwa. Chikhale chenicheni, choti wina aliyense atha kuchitsimikiza m'kaundula. Mawu oti "chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito" sakwanira, poti ntchito imakhalapo chaka chonse. Tchulani masiku ndi mpata umene udzakhalepo. Koma musaulule za mnzakeyo: lembani kuti ali pa tchuthi chovomerezedwa kale, osanena kuti wapita kukatani. Musasakanizenso ndi nkhani za khalidwe. Ngati munthuyo amachedwa kuntchito, imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi njira yakeyake, ndipo mukaiika m'kalatayi kukanako kumaoneka ngati chilango. Dzifunseninso ngati wina aliyense atapempha masiku omwewo mukanamukana. Lamulo lomwe lija limaletsa tsankho kuntchito, kaya la mtundu, chipembedzo kapena kuti uyu ndi mayi uyu ndi bambo.

Kalata yake ingaoneke chonchi, pamwamba mutalemba deti:

Kwa Mayi Uje, Kashiya

YANKHO LA PEMPHO LANU LA TCHUTHI

Ndalandira pempho lanu la masiku 12 a tchuthi cha pachaka, kuyambira pa 1 mpaka pa 13 Disembala. Monga tinakambirana, sindingathe kuvomera masiku onsewa pa nthawi imeneyi. Sitolo ili ndi makashiya awiri, ndipo mnzanu ali pa tchuthi chimene chinavomerezedwa kale mpaka pa 9 Disembala. Inu mukachoka pa 1, padzakhala palibe wolandira ndalama pa nthawi imene tikugulitsa kwambiri mbewu ndi feteleza.

Masiku anu sanatayike. Mutha kusankha njira imodzi mwa izi. Yoyamba, mutenge masiku 4 kuyambira pa 10 mpaka pa 13 Disembala, mubwere kuntchito pa 15, ndipo masiku 8 otsalawo mudzatenge kuyambira pa 2 mpaka pa 10 Febuluwale. Yachiwiri, mutenge masiku onse 12 kuyambira pa 2 mpaka pa 14 Febuluwale. Chonde mundiuze polemba njira imene mwasankha pasanathe masiku atatu.

Ngati simukukhutira ndi yankholi, muli ndi ufulu wochita apilo polembera a manijala wamkulu pasanathe masiku asanu chilandirireni kalatayi, ndipo iwo adzakuyankhani pasanathe masiku atatu. Kuchita apilo sikudzakuikani m'mavuto aliwonse pantchito.

Ndine wanu, Woyang'anira Sitolo

Taonani kuti njira zonse ziwiri zili ndi madeti. Mawu oti "mudzapita zinthu zikadzakhala bwino" si njira ayi. Ndipo tsiku limene mwalonjeza mulilembe m'kaundula nthawi yomweyo, kuti wina asadzalitenge. Chizindikiro choti zinthu zikulakwika ndi pamene munthu yemweyo wasunthidwa kawiri katatu ndipo masiku ake akungounjikana. Lamulo limafuna kuti tchuthi chitengedwe pasanathe miyezi 6 chitakwanira, ndipo kuchisunga kupitirira pamenepo kumafuna kuti nonse awiri mugwirizane. Mgwirizanowo ulembedwe.

Za apilo, masiku asanu ochitira apilo komanso masiku atatu oyankhira amene ali m'kalatamo ndi chitsanzo chabe, inu tsatirani amene ali m'malamulo a pakampani panu. Chofunika n'chakuti apiloyo ipite kwa munthu wina, osati kwa inu nomwe amene mwakana, ndiponso ithe tsiku la ulendo lisanafike. Apilo yoyankhidwa pa 20 Disembala ukwati unachitika pa 13 ilibe ntchito. Pa bizinesi yaing'ono pamene woyang'anira ndi mwini wake yemweyo, nenani zoona m'kalatamo kuti palibe wina pamwamba, koma mudzamvanso nkhaniyo wantchito atabwera ndi mnzake kapena nthumwi ya yuniyoni ngati ilipo. Zikakanika mkati, wantchito atha kukadandaula ku ofesi ya zantchito, kumene ambiri amati ku leba, ndipo zikavuta kumenekonso nkhani imafika ku khoti loona milandu ya zantchito, lomwe lili ndi ofesi muno mu Mzuzu. Musaope kumuuza zimenezi akafunsa.

Pomaliza, sindikizani makope awiri ndipo mumupatse pamanja, osati pamaso pa makasitomala. Asayine kopi yanu ndi kulemba deti, mutamufotokozera kuti kusayinako kukusonyeza kuti walandira, osati kuti wavomereza. Ngati ali kunthambi ina, monga ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay, tumizani chithunzi cha kalatayo pa foni tsiku lomwelo kuti masiku a apilo ayambe kuwerengedwa moyenera, koma kalata yeniyeni itsatire. Kopi yanuyo muiike m'failo yake pamodzi ndi fomu imene anapemphera.