Phala la unga wa cimanga ndi matenda a siliyaki: malangizo kwa ophika

Cimanga cilibe guluteni. Phala lophikidwa ndi unga wa cimanga, madzi ndi mcere ndi loyenera munthu wodwala siliyaki, kaya unga ndi wa bulekifasi, wa lola kapena mgaiwa wa kumudzi. Guluteni ndi puloteni ya mu tirigu, balere ndi rayi, ndipo kwa wodwala siliyaki imaononga mkati mwa matumbo aang'ono, kotero kuti cakudya sicilowa bwino m'thupi. Puloteni ya mu cimanga ndi ya mtundu wina, yochedwa zeini, ndipo sicita zimenezi.

Cofunika kuyang'anira ndi njira imene unga wadutsa kucokera kumunda kufika mumphika.

Malire ovomerezeka m'maiko ambiri ndi akuti cakudya cochedwa copanda guluteni cisapitirire mamiligalamu 20 a guluteni pa kilogalamu imodzi. Tiyeni tiyese pa meda ya unga ya makilogalamu 5. Malire ake ndi mamiligalamu 100. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a fulawa ya tirigu ndi guluteni, conco galamu imodzi cabe ya fulawa, yosadzaza n'komwe theka la supuni yaing'ono ya tiyi, yafika kale pa malirewo. Pa thumba la makilogalamu 25, masupuni aang'ono awiri a fulawa ndi okwanira kuliononga. Simungaione ndi maso, simungaimve pakamwa, ndipo kuwiritsa phala nthawi yaitali sikuicotsa.

Kucigayo ndiye koyamba kusamala, makamaka kumadera olima tirigu monga Mkushi ndi Mazabuka. Funsani woyendetsa cigayo ngati amagayanso tirigu, cifukwa fumbi lake limatsalira pa sefa ndi m'mapaipi. Ngati amagaya, pitani ku cigayo cina. Kutaya unga woyamba kutuluka kumacepetsa vutoli, koma sikulithetsa. Musanagayitse, petani cimanga ndi kusankha njere zacilendo, ndipo musagwiritse nchito thumba lomwe munali fulawa. Pamsika, pewani unga wa pamela wopimidwa ndi mbale yomwe amapimiranso fulawa.

Kunyumba, unga wa wodwala uzikhala m'cigubu cakecake cotseka, pashelefu ya pamwamba. Akhale ndi mthiko ndi sefa zake, pakuti phala la fulawa limamatirira m'ming'alu ya mtengo ndi m'mabowo a sefa. Mapoto acitsulo alibe vuto akatsukidwa bwino ndi sopo. Tsiku lokanda vitumbuwa, phikani phala coyamba, mulivundikire, ndiye mutsegule fulawa. Mpeni wopakira majarini pa buledi usabwerere m'kontena yomwe mutapamo majarini a phala.

Kaphikidwe kake ndi kanthawi zonse. Sungunulani kapu imodzi ya unga m'kapu imodzi ya madzi ozizira, thirani m'makapu atatu a madzi owira uku mukutakasa, ndipo lisiyeni libwate pamoto wocepa mphindi 15 mpaka 20. Phala la cimanga cokha silikwanira munthu amene matumbo ake akucira, ndipo odwala ambiri amakhala ndi magazi ocepa. Ikanimo masupuni awiri a nshawa zosinja, dzira kapena unga wa soya wopanda zosakaniza zina. Mkaka ulibe guluteni, koma ena umawatsegula m'mimba miyezi yoyamba matumbo asanacire. Zikatero, usiyeni kwa kanthawi, musaganize kuti cimanga ndico calakwa.

Phala la m'mapaketi longothira madzi otentha, pamodzi ndi phala la makanda, ndi nkhani ina. Ngakhale papaketi pajambulidwe cimanga, ena amaonjezamo tirigu, otsi kapena cimera ca balere cokometsera. Werengani mndandanda wa zosakaniza nthawi iliyonse pogula, popeza opanga amasintha. Ngati palembedwa kuti mwina muli tirigu pang'ono, lisiyeni. Maheu ena opangidwa kunyumba amawawitsidwa ndi fulawa ya tirigu, ndipo kusasa sikupha guluteni. Thobwa la cimera ca mapira, mawere kapena cimanga lilibe vuto.

Ngati wodwala akudya phala la cimanga koma akutsegulabe m'mimba, mimba ikufufuma, akuonda, kapena mwana sakukwera pa sikelo, fufuzani unga, ndiwo ndi tiyi wake. Supu ya m'mapaketi, timakyubu tokometsera ndiwo ndi soseji nthawi zambiri zimakhala ndi fulawa. Ena samva cizindikiro ciliconse pamene matumbo akuonongeka, conco kusadwala si umboni woti unga uli bwino.

Amene akungoganizira kuti ali ndi siliyaki asasiye buledi asanapimidwe kucipatala. Kupima magazi ndi kuona kacidutswa ka matumbo kumafuna kuti munthu akhale akudyabe guluteni, apo ayi zotsatira zingaonetse ngati alibe matendawa pamene ali nawo.